Kuchotsa dayilekitala si kuthamangitsa mbuzi m'munda

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, ndakhala chete kwa kanthawi chifukwa cha mayeso. Lero ndabwera ndi nkhani yomwe yandivutitsa m'mutu kuyambira pomwe msika wa fodya unatsekedwa.

Loweruka lina ndikuchonga mapepala pakhonde, kunabwera mnyamata yemwe ndinamuphunzitsa Bizinesi zaka khumi zapitazo. Pano ndi bambo wa ana awiri. Iye ndi anzake anayi ali ndi kampani yawo yolembetsedwa bwinobwino, ya lole imodzi ndi kagolosale ka zipangizo za ulimi. Nthawi ya msika loleyo imanyamula mabelo a alimi kupita ku okushoni ya Chinkhoma. Onse asanu ali ndi masheya, ndipo atatu mwa iwo ndi madayilekitala osankhidwa kwa zaka zitatu. M'modzi mwa atatuwo ndi amene amayendetsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo amalandira malipiro pamwezi.

Anzakewo anayamba kuona kuti maulendo a lole ndi ambiri koma ndalama ku banki ndi zochepa. Tsiku lina anayi aja anakumana pansi pa mtengo, mwini nkhani palibe, nakweza manja, nalemba kalata yoti kuyambira lero iwe si dayilekitala. Anasinthanso loko wa golosale. M'mawa mwake anapita ku banki kuti akachotse siginecha yake, koma kumeneko anawafunsa chikalata chosonyeza kuti msonkhano wa eni masheya unaitanidwa moyenera. Analibe. Patapita sabata analandira kalata ya loya.

"Aphunzitsi," anatero mnyamatayo, "ifeyo ndi anayi, iye ndi m'modzi, ndipo wolakwa ndi iyeyo. Zikutheka bwanji kuti amene tikuoneka olakwa ndi ife?"

Ndinamuyankha kuti zikutheka, ndipo mpofunika kuti zizitheka. Ndikudziwa kuti ena a inu simugwirizana nane, choncho ndiloleni ndifotokoze.

Ife a kuno ku Kasungu tikudziwa momwe zimakhalira munthu akamachotsedwa popanda ndondomeko. Minda ikuluikulu ya General Farming yomwe makolo athu ena anagwirako ntchito inali pansi pa Press, ndipo pafupifupi masheya onse a Press Holdings anali a Kamuzu. Amene ankayendetsa kampaniyo anali Aleke Banda. M'chaka cha 1980 anachotsedwa, ndipo sizinathere pampando wokhawo ayi: anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1992. Masiku amenewo mawu a munthu m'modzi anali msonkhano, voti ndi khothi nthawi imodzi. Timanena kuti tinachoka kumeneko, koma tikakwiya mu timakampani tathu timachita zomwezo, kungoti tilibe ndende.

Lamulo lomwe likugwira ntchito ndi la makampani la 2013, lomwe linayamba kutsatidwa mu 2016 kulowa m'malo mwa la 1984. Nkhani yochotsa dayilekitala ili mu ndime 169, ndipo ndi yaifupi moti mwana wa Fomu 3 atha kuiwerenga pa buleki. Koma musanaitsegule muyenera kumvetsa chinthu chimodzi chomwe mnyamata uja sanachimvetse. Munthu amene ankafuna kumuchotsayo anavala zipewa zitatu. Ndi mwini masheya, ndi dayilekitala, ndiponso ndi wantchito wa kampani. Chipewa chilichonse chimavulidwa m'njira yakeyake. Masheya ndi katundu wake, simungamulande chifukwa mwakwiya. Ntchito yake ili pansi pa lamulo la ntchito. Mpando wa udayilekitala ndi umene uli pansi pa ndime 169. Kalata imodzi yolembedwa pansi pa mtengo singavule zipewa zonse zitatu.

Tiyambe ndi mpando. Amene amachotsa dayilekitala nthawi yake isanathe ndi eni masheya, pamsonkhano wa eni masheya. Madayilekitala anzake sangangomuchotsa okha mu bodi, pokhapokha malamulo a kampaniyo atawapatsa mphamvu imeneyo. Ndikamati malamulo a kampani ndikunena chikalata chija munasayina polembetsa, chimene ambiri amachiika mu sutikesi osachiwerenganso.

Kenako lamulo limasiyanitsa makampani awiri. Kampani ya pabuliki, yomwe masheya ake atha kugulitsidwa kwa anthu wamba monga timaonera pa msika wa masheya ku Blantyre, imachotsa dayilekitala ndi chigamulo wamba, kutanthauza mavoti opitirira theka. Kampani ya pulayiveti, ngati ya anyamata ajawa, imafuna chigamulo chapadera, chomwe ndi mavoti osachepera 75 pa 100 alionse, pokhapokha malamulo a kampaniyo atanena zina. Ndipo m'makampani onse awiri, kalata yoitanira msonkhano iyenera kunena poyera kuti cholinga cha msonkhanowo ndi kuchotsa dayilekitala. Simungaitane anthu kuti mudzakambirane za matayala a lole, kenako pa "zina ndi zina" n'kutulutsa mpeni.

Tsopano tiyeni ku bolodi, tiwerengere limodzi. Kampani ya anyamatawa ili ndi masheya 1,000. Amene akufuna kuchotsedwayo ali ndi 200. Ena anayi ali ndi 300, 250, 150 ndi 100. Voti ikawerengedwa potsata masheya, sitiwerenga mitu ya anthu. Sheya iliyonse ndi voti imodzi. Kumbukiraninso kuti mwini nkhaniyo ndi mwini masheya, choncho naye amavota, ndipo palibe chomuletsa kudzivotera.

Anayi onse akagwirizana, mavoti awo ndi 800 mwa 1,000, kutanthauza 80 pa 100. Chigamulo chadutsa. Apa ndi pamene pamandimvetsa chisoni, chifukwa anyamatawa anali ndi mavoti okwanira. Akanangodekha n'kuitana msonkhano moyenera, bwenzi nkhani itatha mwezi umodzi usanathe.

Koma onani momwe zimasinthira. Uja wa masheya 100 ndi mlamu wake wa mwini nkhani. Pansi pa mtengo anakweza dzanja, koma atafika kunyumba mayi a kunyumba anamufunsa mafunso, ndipo pano akuti avotera mlamu wake. Ofuna kuchotsa atsala ndi 700 mwa 1,000, kutanthauza 70 pa 100. Chigamulo chagwa, ngakhale anthu atatu mwa asanu akufuna munthuyo achoke. Nanga mlamuyo akasankha kukhala kunyumba tsiku la msonkhano, osavota mbali iliyonse? Chigamulo chapadera chimawerengedwa pa mavoti amene aponyedwa, osati pa masheya onse a kampani. Mavoti oponyedwa akhala 900, ofuna kuchotsa 700, kutanthauza pafupifupi 78 pa 100. Chigamulo chadutsa. Munthu m'modzi wa masheya ochepa kuposa onse ndi amene wagwira fungulo, ndipo kukhala chete kwake kuli ndi zotsatira zosiyana ndi kukana kwake.

Masamu omwewa ndi amene amabweretsa mayesero. Wina wochenjera amaona kuti mwini nkhani akapanda kubwera, mavoti ake 200 sawerengedwa, ndiye amati tisamuuze, kapena timuuze usiku wa tsiku lomwelo. Imeneyo ndiyo njira yachidule yoluzira mlandu. Kalata yoitanira msonkhano iyenera kupita kwa mwini masheya aliyense amene ali ndi ufulu wovota, ndipo ipite masiku okwanira msonkhano usanachitike. Malamulo a kampani ya anyamatawa analemba masiku 21. Kumubisira dala munthu msonkhano kumaononga zonse zimene msonkhanowo wagamula, ngakhale mavoti akhale ochuluka bwanji.

Palinso mbali yowawa imene sindikufuna kuibisa. Mwini nkhaniyo akanakhala ndi masheya 260, anzake onse pamodzi akanakhala ndi 740, kutanthauza 74 pa 100. Yekhayekha akanatha kutchinga chigamulo nthawi zonse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Aliyense amene ali ndi masheya opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi mu kampani ya pulayiveti sangachotsedwe pa udayilekitala popanda iye kuvomera, ngati malamulo a kampaniyo sanatsitse mulingo. Mukati ndiye tisinthe malamulowo, mupeza kuti kusinthako kukufunanso chigamulo chapadera chomwecho, ndipo iye adzatchinganso.

Mnzanga wina wophunzitsa Masamu anandiuza mu sitafu rumu kuti lamulo lotere likuteteza akuba. Ndikumvetsa chifukwa chake akutero, koma sindikugwirizana naye. Taganizani mbali inayo. Mayi wina wapuma pa uphunzitsi, watenga giratuwite yake yonse waika mu kampani ya anthu asanu, ndipo wapatsidwa mpando mu bodi kuti aziona momwe ndalama zake zikuyendera. Mu kampani yaing'ono yotere mulibe msika wogulitsirako masheya ukatopa nawo anzako. Mpando wa mu bodi ndilo diso lake lokhalo. Kukanakhala kuti mavoti 51 pa 100 ndi okwanira, anthu awiri a masheya ambiri akanatha kumuchotsa tsiku lomwe wayamba kufunsa za malisiti. Nthawi zambiri amene amafuna kuchotsedwa msanga si wakuba, koma wofunsa mafunso. Lamulo silingadziwiretu kuti wolungama ndi uti, choncho limangonena kuti mu kampani ya anthu ochepa odziwana, kuchotsa mnzanu kufune mgwirizano waukulu. Ndipo silinakumangeni manja: linakupatsani ufulu wolemba mulingo wina m'malamulo anu.

Mphamvu ya malamulo a kampani imaoneka bwino pa mlandu wina wotchuka wa ku Mangalande, wa Bushell ndi Faith, womwe khothi lalikulu la kumeneko linagamula kumapeto kwa 1969. Abale atatu a bere limodzi, mwamuna m'modzi ndi alongo ake awiri, anali ndi masheya 100 aliyense. Malamulo a kampani yawo ankati pakabwera chigamulo chochotsa dayilekitala, sheya iliyonse ya dayilekitalayo ikhale ndi mavoti atatu. Alongo awiriwo atafuna kuchotsa mlongo wawo, iwo anali ndi mavoti 200, iye 300. Khothi linati zimenezo n'zololedwa, ndipo bamboyo anakhalabe pampando. Phunziro lake ndi lakuti nkhondo yochotsana imapambanidwa kapena kuluzidwa tsiku lolembetsa kampani, pamene aliyense akusekerera ndipo palibe amene akufuna kuwerenga chikalata.

Ndiye ndondomeko yoyenera ndi yotani? Ndinamuuza mnyamata uja kuti ayambe ndi kutsegula sutikesi. Muwerenge malamulo a kampani yanu kuti mudziwe mulingo wa mavoti, masiku a chidziwitso, amene ali ndi mphamvu yoitana msonkhano, ndi chiwerengero cha anthu chimene chimafunika kuti msonkhano uyambe. Kawirikawiri bodi ndi imene imaitana msonkhano wa eni masheya, ndipo mwa madayilekitala atatu, awiri atha kugamula kuti uitanidwe, bola wachitatuyo anaitanidwa ku msonkhano wa bodiwo. Kalata yoitanira ilembedwe ndi tsiku, nthawi, malo ndi mawu enieni a chigamulo, dzina la dayilekitalayo lili momwemo. Iperekedwe m'njira yosiya umboni, wolandira asayine pa kope. Amene sangathe kubwera auzidwe za ufulu wake wotuma wina kuti amuvotere ndi kalata. Tsiku la msonkhano muwerenge amene abwera, muvote potsata masheya, ndipo mlembi alembe mu maminitsi mavoti enieni a mbali iliyonse, osati kungoti "onse anagwirizana". Wapampando asayine.

Chigamulo chikadutsa, ntchito sinathe. Kampani iyenera kudziwitsa ofesi ya Mlembi wa makampani za kusinthaku m'nthawi yoikika ndi lamulo, chifukwa anthu akunja amakhulupirira zomwe zalembedwa kumeneko. Mukazengereza, munthu amene mwamuchotsa atha kukatenga feteleza pangongole m'dzina la kampani, ndipo mudzavutika kukana. Kenako mudziwitse banki, ndi onse amene mumachita nawo malonda. Muonetsetsenso kuti bodi sinatsale yopanda anthu, popeza kampani ya pulayiveti iyenera kukhala ndi dayilekitala osachepera m'modzi, ndipo malamulo anu atha kufuna ochulukirapo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimaumirira, ngakhale ena amati n'kutaya nthawi. Mumpatse munthuyo mpata woyankha. Ndime 169 yathu imakamba za mavoti ndi chidziwitso. Lamulo la ku Mangalande la 2006 linapitirira apo, linalemba poyera kuti dayilekitala ali ndi ufulu wolankhula pamsonkhano ndi wotumiza yankho lake lolemba kwa eni masheya. Ife sitifunika kudikira Nyumba ya Malamulo kuti tichite zimenezi. Ngakhale kwa a nyakwawa mlandu sugamulidwa wina asanalankhule. Mulembereni zomwe mukumuganizira, ndi masiku a maulendo a lole ndi ndalama zomwe sizikuoneka, ndipo abwere ndi mabuku ake. Mwina ali ndi yankho. Kuno tonse tikudziwa kuti mlimi salipira thiransipoti tsiku lomwe mabelo anyamulidwa, ambiri amadikira fodya agulitsidwe, ndipo belo likabwezedwa pa okushoni ndalama imachedwanso. Kusowa kwa ndalama ku banki mu Meyi si umboni wa kuba. Ngati alibe yankho, mudzakhala mwadzimangira mpanda wolimba, chifukwa mwini masheya amene akuona kuti waponderezedwa ali ndi ufulu wopita ku nthambi ya zamalonda ya khothi lalikulu, ndipo kumeneko adzafunsa momwe munachitira.

Tibwere ku chipewa chachitatu, chomwe chimadya ndalama zambiri kuposa zonse. Kuchotsa munthu pa udayilekitala sikuthetsa kontirakiti yake ya ntchito. Ngati amalandira malipiro ngati manijala, ndime 57 ya lamulo la ntchito la 2000 imafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka chomuchotsera, ndi mpata woti adziteteze pamene nkhaniyo ikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito. Eni masheya atha kuvota popanda kupereka chifukwa, koma bwana sangachotse wantchito popanda chifukwa. Mukasakaniza ziwirizi, mudzapambana pamsonkhano n'kukaluza ku khothi la nkhani za ntchito.

Musaganize kuti amapunthwa apa ndi anyamata a lole okha. Press Corporation plc, mdzukulu wa Press yomwe ija, ili ndi maloya ndi akatswiri ambirimbiri. Kumapeto kwa 2021 inathetsa ntchito ya mkulu wake George Partridge pamodzi ndi akuluakulu ena awiri, Elizabeth Mafeni ndi Bernard Ndau, ponena kuti ikukonzanso kayendetsedwe ka kampani. Mu 2024 khothi la nkhani za ntchito linapeza kuti anachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo mu 2025 linagamula chipukuta misozi cha ndalama pafupifupi K14 biliyoni kwa atatuwo. Kampaniyo sinakhutire ndipo inatengera nkhaniyo ku khothi lalikulu. Sindikuweruza amene akulondola. Ndikungoti onani kusiyana kwa 1980 ndi masiku ano. Nthawi ija wochotsedwa anapita ku ndende. Masiku ano wochotsedwa amapita ku khothi, ndipo funso lomwe limafunsidwa ndi lakuti njira inatsatidwa kapena ayi. Kwa ine kumeneko ndi kupita patsogolo, ngakhale kuli kodula.

Nanga ngati mavoti sakukwana, mungokhala manja lende ndalama zikutha? Ayi. Bodi ili ndi mphamvu pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Pamsonkhano wa bodi woitanidwa bwino, madayilekitala awiri mwa atatu atha kugamula kuti cheke chilichonse chizisayinidwa ndi anthu awiri, kuti ulendo uliwonse wa lole uzilembedwa m'buku, ndi kuti wowerengera ndalama wochokera kunja aunike mabuku. Atha kuyambitsa ndondomeko ya chilango pa ntchito yake ya umanijala, motsata lamulo la ntchito. Ngati pali umboni wa kuba, polisi ilipo. Ndipo njira yomwe imatha bwino nthawi zambiri ndi kukambirana kuti atule pansi udindo mwa kufuna kwake, anzake agule masheya ake pa mtengo wogwirizana. Izi zonse n'zochedwa kuposa kusintha loko, koma sizibwerera kudzakulumani.

Kwa inu amene muli m'makalabu a fodya ndi m'makopaletivi, dziwani kuti zomwe ndalembazi ndi za makampani. Makopaletivi ali ndi lamulo lawo la 1998 ndi malamulo awo a m'kati. Komabe mtima wake ndi umodzi: itanani onse, nenani cholinga, mverani munthu, werengani mavoti, lembani.

Anyamata aja anabweza kalata yawo, anabwezeretsa loko, ndipo anatumiza chidziwitso cha masiku 21. Mlamu uja sindikudziwa kuti adzuka bwanji tsikulo. Mnyamata wanga anachoka pakhonde panga ali wokhumudwa pang'ono, chifukwa ankayembekeza kuti mphunzitsi wake amuuza kuti akulondola. Ndinamuuza kuti mwina akulondoladi pa za ndalama, koma ngakhale mwana amene wagwidwa akuonera mayeso sitimuchotsa sukulu pa asembule. Timaitana makolo, timamva mbali yake, timalemba lipoti. Iye anaseka n'kundikumbutsa kuti ali Fomu 2 komiti yotereyi ndi imene inamupulumutsa pa mlandu wa nkhuku ya ahedi, yomwe sanabe.

Inu amene mukukonza zoyambitsa kampani ndi ndalama za fodya wa chaka chino kapena za penshoni, khalani pansi muwerenge malamulo anu mzere ndi mzere musanasayine, ndipo mugwirizane lero za mulingo wa mavoti ochotsera dayilekitala, pamene simukudziwa kuti adzakhale pampando wotenthawo ndi ndani. Atha kudzakhala inuyo.